Zolemba za gulu lathu la masamu: chithunzi cha funso chikabwera chodulidwa

Kumayambiriro kwa Meyi

Gulu lathu la pa WhatsApp lothandiza ana a Fomu 4 pa masamu lafika poti mafunso akubwera usiku uliwonse. Oyankha ndife aphunzitsi ochepa a kuno ku Mzuzu pamodzi ndi ophunzira angapo a kuyunivesite ku Luwinga amene anadzipereka, ndipo ofunsa ndi ana a ku Chibavi, Mchengautuwa, Zolozolo, Masasa ndi madera ena amene akukonzekera mayeso a MSCE. Palibe amene amatayipa funso. Aliyense amajambula tsamba la buku, pepala la mayeso akale kapena bolodi la m'kalasi, n'kutumiza chithunzicho.

Chimene chatiimitsa mwezi uno ndi zithunzizo. Zina zikubwera mzere womaliza utadulidwa, zina mbali ya kumanja kulibe, zina chilembo chimodzi chokha n'chimene sichikuwerengeka, koma chilembocho n'kukhala chomwe chagwira samu yonse. Oyankhafe tinalibe njira imodzi. Wina ankangolemba kuti "jambulanso" n'kusiya pomwepo. Wina ankadzaza yekha pamene pasowa, n'kupereka yankho loyera bwino popanda kunena kuti nambala ina waika yekha. Njira yachiwiriyi ndi imene ikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mwana amakopera yankholo m'kope mwake akukhulupirira kuti ndi la funso lake. Akapeza kuti silikugwirizana ndi la kumbuyo kwa buku, amayamba kukayikira fomula imene anali ataimvetsa kale.

Tagwirizana kuti mwezi uno tikonze zimenezi, ndipo ine ndizilemba momwe zikuyendera.

Chinthu choyamba chimene tapeza n'chaching'ono. Chithunzi chachitali chimaoneka chodulidwa pamene chili pakati pa mauthenga, koma ukachidina chimatseguka chonse. Mafunso ena amene tinkawabweza anali athunthu. Tsopano woyankha aliyense ayambe watsegula chithunzi, achikulitse ndi zala, ayang'ane ngodya zake zonse zinayi, ndiponso aone ngati mwanayo sanatumize chithunzi chachiwiri pamwamba kapena pansi pa mauthenga a anzake.

Pakati pa Meyi

Sabata ino kunabwera funso limene landiphunzitsa zambiri kuposa onse, ndiye ndilemba mwatsatanetsatane.

Mtsikana wina wa ku Chiputula anatumiza funso la mndandanda wa nambala zokwera mofanana, umene m'kalasi timautchula kuti AP. Linali m'Chingerezi monga mwa mayeso onse, koma limanena kuti nambala yachitatu pamndandandawo ndi 11, ndipo yachisanu ndi chitatu ndi 2 wotsatiridwa ndi kanthu kena. Pomwepo ndi pamene chithunzi chinathera. Pambuyo pa 2 pankaoneka kachidutswa ka inki kopindika, mbali ya kumanzere ya nambala ina. Mzere wotsatira unali wathunthu: pezani nambala yoyamba, a, ndi kusiyana kwa nambala zotsatizana, d.

Ndinayamba ndi kulemba zimene zikuoneka popanda kuwonjezerapo kanthu. Nambala yosowayo ndinaipatsa dzina loti k, chifukwa samu yambiri imatheka ngakhale k sakudziwika:

```
a + 2d = 11
a + 7d = k
5d = k − 11
d = (k − 11)/5,   a = 11 − 2d
```

Apa njira yonse yatha, ndipo palibe chimene taganizira. Mwana amene ali ndi pepala m'manja akhoza kuika nambala yake m'malo mwa k n'kumaliza yekha. Kwa ine iyi ndi njira yabwino koposa pamene chasowa ndi nambala chabe, ndipo ndikufuna oyankha onse aizolowere.

Mnyamata mmodzi wa kuyunivesite anafuna kupitirira pamenepo. Anati olemba mayeso amakonda mayankho a nambala zathunthu, choncho k ayenera kukhala nambala imene ukachotsapo 11 imagawika ndi 5. Maganizowo ndi abwino, koma pakati pa 20 ndi 29 nambala zotero zilipo ziwiri. Ngati k ndi 21, d ndi 2 ndipo a ndi 7. Ngati k ndi 26, d ndi 3 ndipo a ndi 5. Mayankho onse awiri ndi osalala, onse akuoneka ngati a m'buku. Munthu amene wayesa 21 poyamba n'kuona kuti yatuluka bwino sangaganizenso zoyesa 26, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Yankho likatuluka losalala, limangotiuza kuti nambala yathu ndi yotheka. Silitiuza kuti ndi yokhayo.

Tinabwerera ku kachidutswa ka inki kaja. Kanali kopindika, pamene 1 ndi wowongoka, ndiye 21 anayamba kukayikitsa. Koma mbali ya kumanzere yopindika ili ndi 6, ili ndi 0, ilinso ndi 8. Ngati k ndi 20, d ndi 1.8, ndipo ngati k ndi 28, d ndi 3.4. Palibe lamulo loletsa d kukhala ndi desimo. Choncho pamenepa 26 anali patsogolo pa anzake pa zifukwa ziwiri, maonekedwe a inki ndi kusalala kwa yankho, koma anali adakali chongoganizira. Uthenga umene tinamutumizira unali wotere:

"Pachithunzi chako nambala yachisanu ndi chitatu yadulidwa. Ndikuona 2 ndi chidutswa cha nambala ina yopindika. Ndikutenga ngati ndi 26. Ngati ndi choncho, d = 3 ndipo a = 5. Yang'ana papepala lako. Ngati si 26, ika nambala yakoyo mu d = (k − 11)/5, kenako a = 11 − 2d, njira yake ndi yomweyo. Funsoli lili ndi gawo lina pansi pake?"

Funso lomalizalo ndi limene linatsegula zonse. M'mawa mwake anayankha kuti, "Aphunzitsi, pepalalo ndi fotokope, ngakhale langa ladulidwa pomwepo, koma pansi pali (b)." Anatumiza chithunzi chachiwiri. Gawo (b) limati sonyezani kuti mukaphatikiza nambala khumi zoyambirira mumapeza 185. Ndi chimenechi, k anapezeka ndi masamu enieni:

```
S10 = 5(2a + 9d)
    = 5(22 + 5d)
    = 5(k + 11)
185 = 5(k + 11)
k = 26
```

Mzere wachiwiri wachokera poika a = 11 − 2d, ndipo wachitatu poika 5d = k − 11. Pongotsimikiza, 21 akanapereka 160, zomwe sizikugwirizana ndi funso. Nambala ndi yomwe ija, 26, koma mawu athu anayenera kusintha. Dzulo lake tinkati "ndikutenga ngati ndi 26". Lero tinati "ndi 26, chifukwa gawo (b) silingatheke ndi nambala ina". Ndikufuna ana aziona kusiyana kwa ziganizo ziwirizi, chifukwa chimodzi chikuwauza kuti akaonenso papepala, chinacho chikuwauza kuti akhoza kupitirira.

Mafunso onena kuti "sonyezani kuti" ndi othandiza kwambiri pa ntchito yobwezeretsa zosowa, popeza amapereka yankho lomwe ungabwerere nalo m'mbuyo. Chimodzimodzinso mayankho osankhapo a A mpaka D, tebulo la girafu, ndi nambala zolembedwa pachojambula zimene nthawi zambiri zimabwereza zomwe zili m'mawu a funso.

Lachinayi, sabata yomweyo

Funso lalifupi, koma la mtundu wina. Pepala linali lopindidwa, ndipo mzere wopindawo unadutsa pachizindikiro chenicheni: x² − 5x, kenako chizindikiro chosaoneka, kenako 6 = 0. Pulasi amene kamzere kake koimirira kafufutika amaoneka ngati mayinasi, ndipo mayinasi amene mzere wopinda wamudutsa amaoneka ngati pulasi. Kukulitsa chithunzi sikunathandize.

Panonso kusalala sikukusankha mbali. Ndi pulasi, x² − 5x + 6 = (x − 2)(x − 3), mayankho ndi 2 ndi 3. Ndi mayinasi, x² − 5x − 6 = (x − 6)(x + 1), mayankho ndi 6 ndi −1. Popeza zotheka ndi ziwiri zokha ndipo iliyonse ndi mizere itatu, tinayankha zonse, iliyonse pansi pa mutu wake, n'kumuuza kuti asankhe yogwirizana ndi pepala. Ndaona kuti kuyankha kotere kumaphunzitsa kuposa momwe funso lenilenilo likanachitira, chifukwa mwana amaona ndi maso momwe chizindikiro chimodzi chimasinthira mabulaketi onse awiri.

Malire ake ndi akuti zotheka zikapitirira ziwiri kapena zitatu, kapena samu iliyonse ikakhala ya tsamba lathunthu, uthenga umatalika moti mwana amasokonezeka n'kukopera nthambi yolakwika. Zizindikiro ziwiri zikasowa mu ikweshoni imodzi, zotheka zimakhala kale zinayi. Pamenepo ndi bwino kufunsa.

Kumapeto kwa Meyi

Tinakumana oyankha tonse Loweruka masana, ndipo panali kusagwirizana kumene ndikuona kuti n'kofunika kukulemba.

Amayi ena amene aphunzitsa masamu kwa zaka zambiri anati tisamayankhe funso lililonse losakwanira. Anati, "Mwana aphunzire kutumiza zinthu zathunthu. Mukamamudzazira, mawa adzatumizanso zodulidwa." Mphunzitsi wina wachinyamata anayankha mwaulemu kuti, "Madamu, ambiri mwa anawa foni si yawo. Amabwereka ya mayi awo kapena ya achimwene awo usiku kwa kanthawi kochepa, ndipo bandulo ikatha yatha. Tikati jambulanso, ndiye kuti adikire mpaka mawa usiku, mwinanso mkuja." Onse awiri akunena zoona zimene ndaziona. Chimene tinamanga ndi chakuti chosankha chisadalire mtima wa woyankha tsiku limenelo, koma chidalire chimene chasowa pachithunzi.

Ngati chasowa chikupezeka kuchokera m'mbali zina za funso, tichipeze ndipo tisonyeze momwe tachipezera. Ngati chasowa ndi nambala imodzi kapena chizindikiro chimodzi, tiyankhe ndi chilembo m'malo mwa nambalayo, kapena tiyankhe nthambi zonse. Koma ngati chasowa ndi chimene chimasankha njira ya samuyo, kapena ndi funso lenilenilo, tisayankhe. Tifunse, ndipo tifunse chinthu chenicheni.

Mtundu wachitatuwu tinali nacho chitsanzo chake m'manja. Mnyamata wina anajambula thirayango ABC pabolodi la m'kalasi, kuwala kwa pawindo kutayeretsa ngodya imodzi yonse. Zooneka zinali AB = 6 cm ndi BC = 8 cm, ndipo funso limati pezani AC. Ngodya ya B ndi imene inali m'kuwalamo. Aliyense amene waphunzitsapo masamu akaona 6 ndi 8 dzanja limalemba lokha 10. Koma 10 amabwera pokhapokha ngodya ya B ikhale 90°, ndipo kabokosi kosonyeza zimenezo sikankaoneka. Ngati pa B panalembedwa 60°, tiyenera kugwiritsa ntchito lamulo la kosaini:

```
AC² = 6² + 8² − 2(6)(8)cos B
B = 90°:   AC² = 100,  AC = 10
B = 60°:   AC² = 52,   AC ≈ 7.2
B = 120°:  AC² = 148,  AC ≈ 12.2
```

Popanda kudziwa B, chokhacho chimene tinganene n'chakuti AC ndi wamkulu kuposa 2 cm ndipo ndi wamng'ono kuposa 14 cm. Palinso njira ina: ngati 90° ili pa A, ndiye kuti 8 cm ndiye mbali yaitali, ndipo AC ndi √28, pafupifupi 5.3 cm. Wina anati tiyeze ngodyayo pachithunzi chomwecho, popeza mizere iwiri yopita ku B ikuoneka. Sizingathandize pa zifukwa ziwiri. Zojambula za m'mafunso sizijambulidwa ndi muyeso weniweni nthawi zonse, makamaka za choko pabolodi. Komanso chithunzi chojambulidwa munthu ali chapambali chimapotoza ngodya, moti 90° ikhoza kuoneka yopapatiza kapena yotambasuka. Chojambula chimatiuza chimene chalumikizana ndi chinzake. Kukula kwa ngodya, kufanana kwa mbali, kapena kuti O ndi pakati penipeni pa seko, timakhulupirira pokhapokha zitalembedwa m'mawu kapena ndi chizindikiro.

Tinamulembera kuti: "Pa ngodya ya B pawala, sindikuona ngati pali kabokosi kapena nambala ya madigiri. Ndilembere chimene chili pamenepo, osavutika kujambulanso. Ngati pali kabokosi, gwiritsa ntchito Pythagoras. Ngati pali madigiri, gwiritsa ntchito lamulo la kosaini." Anayankha ndi zilembo zitatu zokha: 60°. Uthenga wa zilembo sudya bandulo ngati chithunzi, ndipo umadutsa ngakhale netiweki ikuvuta. Madamu aja anagwedeza mutu n'kunena kuti safunsa anadya phula, ndipo kuti kufunsa kotere akugwirizana nako, chifukwa mwana ndi amene akubwerera kukayang'ana. Mawu akuti "jambulanso" paokha tawaletsa, popeza mwana sadziwa chimene chalakwika ndipo amabwezanso chithunzi chofanana ndi choyamba.

Kumayambiriro kwa Juni

Tsopano tili ndi kalembedwe kamodzi ka yankho la funso losakwanira. Kanatenga nthawi kuti kakhazikike, ndipo mfundo iliyonse ili ndi chifukwa chake.

Chongoganizira chiyenera kukhala pamwamba, samu isanayambe. Poyamba ena ankachilemba pansi penipeni, koma mwana akaona yankho amasiya kuwerenga. Ena amajambula sikirini n'kutumizira anzawo gawo la pamwamba lokha, chenjezo n'kutsala. Likakhala mzere woyamba limayenda limodzi ndi samuyo.

Chiyenera kutchula malo ndi nambala. Mawu akuti "chithunzi sichikuoneka bwino, ndangoyesa" sathandiza, chifukwa mwana sadziwa pamene tayesapo. Koma akuti "mzere wachiwiri, nambala ya patsogolo pa y ndawerenga ngati 3, ikhoza kukhalanso 8" amamutengera chala pamalo enieni. Ndimalimbikitsanso kulembanso funso lonse momwe taliwerengera. Zimatenga mphindi imodzi, koma zimagwira ngakhale zolakwika zimene woyankha sanadziwe kuti wachita, monga kuwerenga 7 wa pamanja ngati 1, z ngati 2, kapena x ngati chizindikiro cha kuchulukitsa.

Chiyenera kunena chimene chisinthe ngati taganiza molakwa. Nthawi zina ndi nambala yomaliza yokha, monga pa funso la AP lija. Nthawi zina ndi njira yonse, monga pa thirayango. Mwana ayenera kudziwa ngati angakonze yekha kapena abwerenso kwa ife. Pomaliza, yankho lomaliza linyamule chongoganiziracho: tilembe kuti "ngati k = 26, d = 3", osati "d = 3" yekha wodulidwa mzere kunsi.

Mawu amene tikugwiritsa ntchito ndi atatu, ndipo sitikuwasakaniza. "Ndikuona" ndi wa zimene zikuwerengeka pachithunzi. "Ndapeza" ndi wa zimene zatuluka m'masamu. "Ndikutenga ngati" ndi wa zimene taikapo tokha. Mawu ngati "mwina" ndi "zikuoneka kuti" tawasiya, chifukwa woyankha amatha kuwamwaza paliponse mpaka mwana osadziwa kuti chokayikitsa chenicheni ndi chiti. Chongoganizira chimodzi chonenedwa molimba n'chothandiza kuposa yankho lokayikira mzere uliwonse.

Pali chinthu china chimene sitinkachiganizira: zimene zimasowa popanda kusiya chizindikiro choti zasowa. Nambala yodulidwa pakati imaoneka. Koma mzere wathunthu ukatsala kunja kwa chithunzi, funso limaoneka ngati lathunthu. Mizere yotere imakhala ya kumapeto, yonena kuti yankho likhale ndi madesimo angati, kapena lisiyidwe ndi chizindikiro cha √, kapena ligwiritse ntchito njira yakutiyakuti. Imakhalanso ya pamwamba, monga chiganizo chimodzi chogwira mafunso angapo otsatira. Njira yodziwira ndi kuyang'ana m'mphepete. Ngati chithunzi chikusonyeza nambala ya funso pamwamba, malikisi a m'mabulaketi kumanja, ndi chiyambi cha funso lotsatira pansi, ndiye kuti funso ndi lathunthu. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, timafunsa. Malikisiwo amathandizanso mwanjira ina: funso la malikisi asanu limene latheka ndi mzere umodzi likutiuza kuti pali chimene sitinachione.

Mnzathu wa fizikisi anabweretsa chitsanzo chake. Mwala wagwa kuchokera pamwamba, pezani liwiro lake pakatha masekondi 3. Mzere wonena mtengo wa g unadulidwa. Ndi g = 10 m/s² liwiro ndi 30 m/s, ndi g = 9.8 m/s² ndi 29.4 m/s. Kusiyanako n'kochepa, koma n'kokwanira kuti mwana aone ngati walakwa akafananiza ndi buku. Iye amalemba mzere umodzi pamwamba wonena g amene watenga, n'kuwonjezera kuti akutenga ngati mwalawo wayamba uli chiimire ndipo mpweya sukuutchinga. Zongoganizira zotere zimakhalapo ngakhale chithunzi chili chabwino, kungoti sitinkazilemba.

Kadontho ka desimo nako kamasowa mwakachetechete, makamaka pa mapepala amene adutsa pa fotokope kangapo. Apa nzeru za tsiku ndi tsiku zimathandiza: makwerero otsamira khoma la nyumba a 25 m ndi okayikitsa, 2.5 m ndi omveka. Koma timalembabe kuti tatenga 2.5, chifukwa kumveka kwa nambala ndi chifukwa chabwino chosankhira, si umboni.

Pakati pa Juni

Tayamba kulimbana ndi gwero la vutoli. Kuno Juni ndi wozizira komanso wa mitambo, kumada msanga, ndipo ana ambiri amajambula usiku pa tochi kapena kandulo magetsi akazima. Kuwala kukachepa, kamera imatsegula diso lake nthawi yaitali, ndiye dzanja likangogwedezeka pang'ono zilembo zimapakika. Akayatsa fulashi, pepala losalala limanyezimira pakati. Akayandikiza foni kwambiri, kamera imalephera kugwira zilembo ndipo mthunzi wa foniyo umagwera patsamba. Buku lokhuthala limapindikira chapakati, n'chifukwa chake mawu a kufupi ndi msoko amasowa. Chifukwa chilichonse chimadziwika ndi maonekedwe ake, ndiye tikutha kumuuza mwana chimene asinthe: zilembo zonse zopakikira mbali imodzi ndi kugwedezeka, malo oyera pakati ndi fulashi, m'mphepete mwakuda ndi mthunzi.

Malangizo amene taika pamwamba pa gulu ndi ochepa. Funso limodzi pachithunzi chimodzi, foni ikhale yogona ngati mizere ndi yaitali. Tsamba aliyale pansi, aligwire ndi dzanja kapena alipanikize ndi chinthu, zigongono atsamire patebulo. Apukute galasi la kamera, adine pa zilembo kuti kamera igwire pamenepo, tochi ikhale chapambali. Chithunzi chionetse nambala ya funso ndi chiyambi cha lotsatira. Asanatumize, achitsegule n'kuwerenga funso lonse pafoni osayang'ana papepala. Lomalizali ndi limene lathandiza kwambiri.

WhatsApp imachepetsa chithunzi ikamatumiza, ndipo zoyamba kufa ndi tinthu tating'ono monga mapawa ndi timadontho ta desimo. Kudina HD kapena kutumiza ngati Document kumasunga zambiri, koma kumadya bandulo yochuluka. Sitikukakamiza. Tikungoti pa tsamba la zilembo zing'onozing'ono kapena girafu ya timabokosi, ndi bwino kutero kusiyana ndi kutumiza kawiri. Njira yotsika mtengo ndi kujambula funso limodzi lokha pafupi bwino, chifukwa zilembo zikakhala zazikulu pachithunzi zimapulumuka ngakhale chitachepetsedwa. Chovuta kwambiri ndi chithunzi chimene chadutsa m'magulu ambiri, wina n'kujambula sikirini, wina n'kudula m'mphepete. Chotere palibe amene ali ndi pepala lake, ndiye kufunsa sikuthandiza. Pamenepo timanena poyera kuti funsoli silingathe kuyankhidwa momwe lilili, kenako timalemba funso lathu lofanana nalo, tikunena kuti ndi lathu, kuti mwana aphunzire njirayo.

Zimene zikundisangalatsa n'zakuti ana ena ayamba kulemba okha. Dzulo wina anatumiza chithunzi n'kuwonjezera kuti, "Aphunzitsi, pa mzere wachitatu ndi x³, osati x², pafufutika." Wina anayankha mnzake ife tisanafike, ndipo anayamba ndi mawu akuti "ndikutenga ngati". Tawauzanso kuti m'chipinda cha mayeso zinthu ndi zosiyana pang'ono: pepala likakhala losaoneka bwino kapena tsamba likasowa, choyamba ndi kukweza dzanja n'kuuza woyang'anira mayeso, osati kudzaza okha.

Zimene zatsala n'ziwiri. Oyankha atsopano amene alowa sabata ino sanazolowere kalembedweka, ndipo ndaona mayankho ena amene chongoganizira chabwereranso pansi. Loweruka likubwerali tidzakhala nawo ndi zitsanzo zitatu zija, za AP, ikweshoni ndi thirayango, aliyense ayankhe yekha tisanamuonetse zathu. Chachiwiri ndi mafunso a magirafu, amene nambala za m'mizere ya x ndi y zimadulidwa kawirikawiri chifukwa zimakhala m'mphepete. Sitinagwirizanebe ngati tiziwerenga timabokosi n'kutenga ngati kabokosi kalikonse ndi 1, kapena tiziwaika m'gulu la osayankhidwa mpaka mwana atatiuza sikelo. Ine ndikutsamira kosayankha, chifukwa sikelo ya x ndi ya y zimasiyana kawirikawiri, ndipo kutsetsereka kwa mzere kumasintha nazo. Ndasonkhanitsa zithunzi za magirafu zimene zabwera mwezi uno kuti tikaziyese pamodzi Lowerukalo.